Kukonza mitengo itatu ya ofesi ya akauntanti yothandiza eni masitolo mu Lusaka

Maofesi ang'onoang'ono ambiri a maakauntanti amatchula mtengo atayang'ana kukula kwa sitolo. Akaona holoselo ya ku Kamwala yodzaza katundu mpaka kudenga amatchula ndalama zambiri, akaona golosale ya ku Chawama amatchula zochepa. Njira imeneyi imaoneka yachilungamo, koma ndi yomwe imagwetsa ofesi. Holoselo ija mwina imagulitsa kwa makasitomala 40 okha pamwezi, aliyense ndi invoisi yake yosindikizidwa bwino, ndalama zonse n'kumalowa ku banki imodzi. Golosale ija imagula kwa anthu khumi ndi awiri osiyanasiyana, malisiti ena ofufutika, ndalama zina zimalowa pa Airtel Money, zina pa MTN, zina m'thumba la epuloni, ndipo pali buku la ngongole lomwe amalembamo anthu atatu osiyana kalembedwe. Chomwe mumagulitsa inu ndi maola anu, ndipo golosale ndiyo imadya maola ambiri. Mitengo yanu iyenera kumangidwa pa maola amenewo, ndiponso pa masiku a mwezi omwe maolawo amafunika.

Ndalama zonse zomwe nditchule m'chitsanzo chili m'munsimu n'zongoyerekeza, za ofesi ya anthu awiri, mwini wake ndi kalaliki mmodzi. Inu muikemo zanu. Masiku, maperesenti ndi malire a msonkho okha ndiwo enieni.

Choyamba: pezani mtengo wa ola limodzi

Lembani zonse zomwe ofesi imadya pamwezi, kuphatikizapo malipiro anu. Ambiri amaiwala dala malipiro awo, amati adzatenga zotsala, ndipo zotsalazo sizipezeka. Tiyerekeze kuti lendi ndi K3,500, kalaliki pamodzi ndi gawo lanu la NAPSA ndi NHIMA ndi K5,500, inuyo K12,000, intaneti, magetsi ndi pulogalamu ya pakompyuta K2,000, mayendedwe K1,500, mapepala ndi inki K500. Zolipira kamodzi pachaka, monga za ku ZICA, bungwe la maakauntanti, laisensi ya ku khonsolo ndi maphunziro owonjezera, zigaweni pa miyezi 12. Tinene kuti zikubwera K1,000 pamwezi. Zonse pamodzi ndi K26,000. Onjezerani 20 peresenti, yomwe ndi K5,200, kuti mukhale ndi chogwira kasitomala wina akasowa osalipira kapena laputopu ikafa. Ofesi ikufuna K31,200 mwezi uliwonse.

Tsopano maola. Anthu awiri ogwira masiku 22, maola 8 patsiku, ali ndi maola 352. Musagawe ndi nambala imeneyi. Gawo lalikulu limathera pa minibasi, pa kudikira mwini sitolo amene wapita kukaoda katundu, pa kuyesa kulowa mu TaxOnline, tsamba la ZRA lotumizirapo mafomu a msonkho, netiweki ikuvuta, pa kulondola ndalama zanu zomwe. Pa ofesi yotere n'chanzeru kuwerengera maola 120 a kalaliki ndi 90 a inuyo, chifukwa mwini ofesi ndiye amasakanso makasitomala atsopano. Maola ogulitsika ndi 210. Mukagawa K31,200 ndi 210 mupeza pafupifupi K150. Nambala imeneyi simuiuza kasitomala. Ndi muyeso wanu, ndipo mtengo uliwonse womwe mutchule uyenera kubwerera pa iwo.

Chachiwiri: yesani maola pa ntchito yeniyeni

Kwa mwezi umodzi wathunthu, inu ndi kalaliki muzilemba nthawi yomwe mwathera pa kasitomala aliyense, ngakhale foni ya mphindi khumi. Kope wamba ndi lokwanira. Mwezi ukatha mudzaona kuti maola amakwera ndi zinthu zinayi. Choyamba ndi kuchuluka kwa mapepala: malisiti ogulira, mainvoisi, masamba a buku la zogulitsa. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa malo omwe ndalama zimalowera, chifukwa akaunti iliyonse ya ku banki ndi nambala iliyonse ya ndalama za pafoni imafuna kufananizidwa payokha. Chachitatu ndi antchito. Sitolo ikangolemba munthu mmodzi, pabwera PAYE, NAPSA ndi NHIMA, chilichonse ndi fomu yake. Chachinayi, chomwe n'cholemera kuposa zonse, ndi VAT. Sitolo yolembetsa VAT imalipiritsa 16 peresenti, imatulutsa mainvoisi kudzera mu Smart Invoice yomwe ZRA inakhazikitsa kwa olembetsa VAT mu 2024, ndipo invoisi iliyonse yogulira iyenera kufufuzidwa ngati ili yoyenera kubwezerapo msonkho. Malire a magulu anu aikeni pa zinthu zinayi zimenezi. Ndalama zomwe sitolo imagulitsa zingokuthandizani kudziwa mtundu wa msonkho womwe ili pansi pake.

Chachitatu: mangani magulu atatu

Atatu ndi okwanira. Awiri amasiya mpata waukulu pakati, ndipo asanu amasokoneza mwini sitolo amene akukumverani uku akubweza chenji.

Gulu loyamba ndi la sitolo yomwe ili pa msonkho wa tanova, uja wowerengera pa zonse zomwe yagulitsa pamwezi, yopanda wantchito wolembedwa, ya mapepala osapitirira 60 ndi malo amodzi olowera ndalama. Mwini amabweretsa yekha mapepala ku ofesi. Kusanja mapepala kumatenga ola limodzi, kulowetsa m'kompyuta ola ndi theka, kufananiza ndi ndalama za pafoni theka la ola, kutumiza fomu ku ZRA theka la ola, ndipo theka lina ndi la mafoni. Ndi maola 4, choncho mtengo ndi K600 pamwezi. M'gulu limeneli musalonjeze kuyendera sitolo. Ulendo umodzi wochoka ku Kabwata kupita ku Matero ndi kubwerako ungadye theka la ndalamazo.

Gulu lachiwiri ndilo muyenera kulikonza mosamala kwambiri, chifukwa ndimo mudzakhale masitolo omwe adzadyetse ofesi. Ndi sitolo ya msonkho wa tanova yomweyo, koma ya antchito osapitirira 5, mapepala osapitirira 200, akaunti imodzi ya ku banki ndi manambala awiri a ndalama za pafoni. Mumaiyendera kamodzi pamwezi, ola ndi theka. Kulowetsa mapepala maola awiri ndi theka, kufananiza ola limodzi, malipiro a antchito ndi mafomu ake maola awiri, kulongosola buku la ngongole maola awiri, kutumiza fomu ya msonkho ndi kulemba lipoti la tsamba limodzi theka la ola, mafoni theka la ola. Ndi maola 10, mtengo K1,500. Lipoti la tsamba limodzilo musalipeputse. Mwini sitolo saona fomu yomwe mwatumiza ku ZRA, koma pepala lonena kuti mwezi uno wagulitsa zakuti, wagula zakuti, anthu ali naye ngongole yakuti ndipo atatu mwa iwo sanalipire kanthu kwa miyezi iwiri, amaliwerenga mpaka pansi. Tsiku lomwe adzafunse mumtima ngati K1,500 ikugwira ntchito, adzakumbukira pepala limenelo.

Gulu lachitatu ndi la sitolo yolembetsa VAT, ya antchito osapitirira 15 ndi mainvoisi osapitirira 500. Ntchito ya pamwezi ingatenge maola 24. Ngati sitoloyo imapereka msonkho wa pa phindu, palinso maakaunti a pachaka ndi fomu yomwe imafunika pofika 21 Juni. Ntchito ya pachakayo, tinene maola 24, muigawe pa miyezi yonse, maola awiri mwezi uliwonse, m'malo motumiza bilu yaikulu mu Juni yomwe kasitomala adzaikana. Ndi maola 26, mtengo K3,900.

Mayina a magulu akhale osavuta. Mukhoza kungoti Woyamba, Wachiwiri, Wachitatu. Kalaliki akhoze kufotokoza gulu lililonse pa foni m'mphindi imodzi.

Chachinayi: onani ngati mwezi ukukwana

Apa ndi pomwe mapulani ambiri okongola amagwera, ndiye tikhalepo pang'ono.

Tinene kuti mwapeza masitolo 15 a gulu loyamba, 10 a gulu lachiwiri ndi 2 a gulu lachitatu. Maola ndi 60, 100 ndi 52, onse pamodzi 212. Ndalama ndi K9,000, K15,000 ndi K7,800, zonse pamodzi K31,800. Papepala zonse zakwana bwinobwino. Koma ntchito ya akauntanti siyala mwezi wonse mofanana. PAYE, NAPSA ndi NHIMA zimafunika pofika pa 10 mwezi wotsatira. Msonkho wa tanova umafunika pofika pa 14. VAT imafunika pofika pa 18. Ngati makasitomala onse abweretsa mapepala mwezi utatha, ndiye kuti maola onse 60 a gulu loyamba ndi 100 a gulu lachiwiri ayenera kutha pa 14 pasanadutse, kuphatikizapo maola pafupifupi 10 a malipiro a antchito a masitolo awiri akuluakulu aja. Amenewo ndi maola 170. Kuyambira pa 1 kufika pa 14 pali masiku ogwira ntchito pafupifupi 10, ndipo anthu awiri, ngakhale osayankha foni ndi osatuluka panja, ali ndi maola 160 okha. Sizikwana. Chotsatira chake ndi kugwira usiku, kutumiza mafomu osafananiza bwino, ndi kuchedwetsa kasitomala mmodzi kapena awiri omwe adzalandire chindapusa. Kuyambira pa 19 mpaka kumapeto kwa mwezi, kalaliki amangokhala.

Mankhwala ake ali m'kakonzedwe ka magulu omwewo. M'gulu lachiwiri ndi lachitatu lembani kuti mapepala amatumizidwa sabata iliyonse, tinene Lolemba, pojambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, kuti pofika kumapeto kwa mwezi kulowetsa kukhale kutatsala kwa sabata imodzi yokha. Kuyendera sitolo ndi kulongosola buku la ngongole muziike pakati pa 19 ndi 28, chifukwa zilibe tsiku la ZRA. Zimenezi zokha zimachotsa maola atatu ndi theka pa sitolo iliyonse ya gulu lachiwiri, maola 35 pa masitolo khumi, ndipo kulowetsa kwa sabata ndi sabata kumachotsanso ena pafupifupi 18. Maola 170 aja atsika kufika pafupifupi 117, omwe anthu awiri angakwanitse. Kwa gulu loyamba ikani tsiku lomaliza lobweretsera mapepala, pa 5. Wobweretsa pambuyo pake alipire K150 yowonjezera, ndipo wobweretsa pa 13 madzulo adziwiretu kuti simukulonjeza kutumiza fomu nthawi yake.

Kuwerengera kumeneku kukuuzaninso china: gulu loyamba lili ndi malire. Ndi losavuta kuligulitsa, chifukwa tumasitolo tating'ono tili paliponse, koma maola ake onse amagwera sabata imodzi yomweyo. Mukadzaza ofesi ndi masitolo 40 a K600, mudzakhala ndi K24,000, yosakwana ndi zomwe ofesi imadya, ndi maola 160 oti athe pakati pa 5 ndi 14. Dziikireni nambala yomwe simudzapitirira, ndipo ikakwana muziuza ofuna kulowa kuti malo atha.

Chachisanu: lembani zomwe sizili m'gulu

Mwini sitolo akamalipira mwezi ndi mwezi amaona ngati wakulembani ntchito. Adzakutumani kukalembetsa dzina la bizinesi ya mlamu wake ku PACRA, kukonza mapepala a loni, kukamutengera kalata yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho chifukwa wapeza oda ku sukulu ina. Si kuti ndi woipa mtima, palibe anamuuza pomwe ntchito yanu ithera. Choncho pansi pa magulu atatu aja pakhale mitengo ya ntchito zapadera: kulembetsa TPIN, fomu ya pachaka ya ku PACRA, kalata ya msonkho ija, maakaunti opita nawo ku banki, kuwerenga sitoko yonse, ndi kuyankha ZRA ikabwera kudzafufuza mabuku. Zomwe mukudziwa kutalika kwake ikani mtengo wokhazikika. Kufufuzidwa ndi ZRA sikudziwika kutha kwake, ndiye lipiritsani pa ola, ndipo ola limenelo likhale lokwera kuposa K150, chifukwa ndi la inuyo, kalaliki sangapiteko. Oditi musaitchule n'komwe pokhapokha muli ndi satifiketi ya ZICA yokulolani kuichita. Lamulo la maakauntanti la 2008 ndilo limayendetsa zimenezi, ndipo satifiketi yogwirira ntchito wamba si yofanana ndi ya oditi.

Lembaninso mtengo wopitirira malire. M'chitsanzo chathu mapepala 50 owonjezera ndi pafupifupi ola limodzi, K150. Wantchito mmodzi wowonjezera ndi K60, popeza maola awiri a antchito asanu ndi K300. Sitolo ikapitirira malire mwezi wa Disembala wokha, ilipire zowonjezerazo basi. Ikapitirira miyezi itatu yotsatizana, ikwere gulu. Lamulo limeneli likalembedwa pachiyambi, kukweza gulu sikukhala mkangano, mumangosonyeza manambala.

Mfundo ziwiri zina zilowe m'kalata ya pangano. Ndalama za msonkho sizidutsa m'manja mwanu. Inu mumatumiza fomu, mwini sitolo amalipira yekha ku ZRA kudzera ku banki kapena pafoni. Akauntanti amene amalandira K6,000 ya msonkho pamodzi ndi K1,500 yake pa nambala imodzi, tsiku lina adzafunsidwa ndalama yomwe sakukumbukira. Yachiwiri ndi ya chindapusa: ngati mapepala anabwera nthawi yake ndipo inu ndinu mwachedwa, chindapusa n'chanu, ngati anachedwa ndi iye, kapena fomu inapita koma iye sanalipire, n'chake. Zina mwa 20 peresenti ija ndi za tsiku lomwe chindapusa chidzakhale chanu.

Chitsanzo: golosale ya ku Chawama

Tiyerekeze kuti kwabwera amayi ena a golosale. Amagulitsa pafupifupi K120,000 pamwezi, ali pa msonkho wa tanova, womwe kuyambira Januwale 2025 uli pa 5 peresenti, ndiye amayenera kupereka pafupifupi K6,000 mwezi uliwonse. Mawu awo oyamba ndi akuti, "Ka shopu kanga n'kakang'ono, mwanangu, mundiike pa ya K600."

Musayankhe za mtengo tsiku limenelo. Pemphani mapepala a mwezi umodzi wathunthu, buku la ngongole, ndi kulowa nawo limodzi mu TaxOnline kuti muone mafomu omwe sanatumizidwe. Kuwona kumeneku kumatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ndi bwino kusalipiritsa, chifukwa kukupulumutsani ku mtengo wolakwika wa chaka chonse. Tinene kuti mwapeza mapepala 170, antchito atatu, manambala awiri a ndalama za pafoni, imodzi ili m'dzina la mwana wawo, ndi miyezi 7 yopanda fomu.

Mukabwerera muwauze motere: "Amayi, ya K600 ndi ya shopu yopanda antchito. Inu muli ndi atatu, ndipo aliyense ayenera kulembedwa ku NAPSA ndi ku NHIMA. Mapepala anu ndi 170, pomwe malire a gulu lija ndi 60. Malo anu ndi pa yachiwiri, K1,500." Simukunena za kukula kwa shopu, mukunena zinthu zomwe iwo angawerenge okha.

Miyezi 7 yotsalira ija ndi ntchito ina payokha, isalowe m'mtengo wa pamwezi. Mwezi wakale sufuna kuyendera sitolo kapena lipoti, koma mapepala ake amakhala osokonekera, ndiye werengerani maola 6 pa mwezi uliwonse. Maola 42 pa K150 ndi K6,300. Aloleni alipire katatu, K2,100 nthawi iliyonse, gawo loyamba musanayambe. Auzeniretu kuti msonkho wa miyezi imeneyo, chindapusa ndi chiwongoladzanja cha ZRA n'zapadera, ndipo zidzaposa bilu yanu kutali. Anthu ambiri amathawa apa ngati sanauzidwe poyamba, n'kumanena kuti akauntanti ndiye wawabweretsera ngongole. Ntchito yotsalirayi muziigwira pakati pa 19 ndi kumapeto kwa mwezi.

Amayiwo adzanenerera, ndipo n'zoyenera, nawonso ndi amalonda. "K1,500 yachuluka, K1,000 ndiyo ndingakwanitse." Mukangotsitsa, ola lanu latsika kufika K100, pansi pa zomwe ofesi imadya, ndipo sabata yamawa anzawo a mzere womwewo adzabwera atamva kale mtengo watsopano. Chotsani ntchito m'malo mwake. Kuyendera sitolo ndi ola ndi theka, buku la ngongole ndi maola awiri. Zikachoka ziwirizi patsala maola 6 ndi theka, omwe ndi K975. Mukhoza kunena kuti, "Pa K1,000 ndichita zonse za msonkho ndi za antchito, koma mapepala muzibweretsa nokha ndipo buku la ngongole muziliona nokha." Nthawi zambiri munthu akamva kuti buku la ngongole likuchoka amayamba kuganiza, chifukwa akudziwa kuti ndalama zake zambiri zagona m'menemo. Akavomera ya K1,000, palibe chomwe mwataya. Chenjezo langa ndi lakuti zochotseka zikhale ziwiri zokhazi kwa aliyense. Mukayamba kusoka phukusi la munthu aliyense payekha, pakutha kwa chaka mudzakhala ndi mapangano 27 osiyana ndipo kalaliki sadzadziwa amene amalipirira chiyani.

Nambala ya pafoni ya mwana ija iyenera kukonzedwa mwezi woyamba. Pamalowa ndalama za shopu pamodzi ndi za mwanayo, ndipo kuzilekanitsa kumatenga nthawi yomwe simunawerengere. Ikani m'pangano kuti pofika mwezi wachiwiri shopu ikhale ndi nambala yakeyake, apo ayi nambala yosakanizayo ili ndi mtengo wake wowonjezera.

Chachisanu ndi chimodzi: kalandiridwe ka ndalama

Lipiritsani mwezi ukuyamba, pofika pa 5, tsiku lomwelo la mapepala. Eni masitolo amagwira ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo amalipira msanga yemwe wafika ntchito isanachitike kuposa yemwe wamaliza kale. Wosalipira miyezi iwiri, mulembereni kuti mwaimitsa ntchito kuyambira tsiku lakuti ndipo mafomu otsatira ali m'manja mwake. Kalatayo isungeni. Mapepala ake mubwezereni, chifukwa lamulo limafuna kuti iye awasunge zaka 6. Wofuna kulipira chaka chonse nthawi imodzi mungamuchotsere mwezi umodzi, osapitirira apo.

Kudziwa kuti mtengo walakwika

Kope la maola lija musalisiye. Miyezi itatu iliyonse gawani ndalama zomwe kasitomala aliyense walipira ndi maola omwe wadya. Mu Excel, ngati ndalama zili pa B2 ndipo maola ali pa C2:

```
=B2/C2
```

Yankho likakhala pansi pa K130, yomwe ili pafupi ndi zomwe ofesi imadya pa ola osawerengera chowonjezera chija, kasitomalayo mukumulipirira ndinu. Funsani chifukwa chake musanakweze mtengo. Ngati ndi mmodzi yekha, nthawi zambiri vuto ndi khalidwe: malisiti obwera m'jumbo osasanjidwa, mafoni a usiku, kusintha malipiro a antchito mutatumiza kale fomu. Kumuphunzitsa kusunga malisiti a sabata iliyonse mu envelopu yakeyake kungabweze maola awiri. Ngati gulu lonse lili pansi, ndiye kuti munayesa maola molakwika ndipo mtengo wa gulu ndiwo uyenera kusintha.

Palinso zizindikiro zina. Masitolo ambiri a gulu loyamba akamalipira zowonjezera mwezi ndi mwezi, malire a mapepala 60 ndi otsika kwa anthu a dera lanu, kapena mpata wa pakati pa K600 ndi K1,500 ukuwaopsa. Aliyense akamavomera mtengo osanenerera ngakhale pang'ono, mu Lusaka muno, mwatchipitsa. Gulu lachitatu likapanda munthu kwa chaka chonse musalichotse msanga, chifukwa limasonyeza sitolo yomwe ikukula kuti sidzafunika kusaka akauntanti wina; koma musalembe kalaliki wachiwiri poyembekezera anthu ake. Ndipo sitolo imodzi ikamabweretsa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse za ofesi, mtengo wake sumaikidwanso ndi inu.

Nthawi yabwino yosinthira mitengo ndi Januwale. Nduna ya zachuma imalengeza bajeti chaka chisanathe, kawirikawiri kumapeto kwa Sepitembala, ndipo zosintha za msonkho zimayamba pa 1 Januwale. Zosinthazo zimasuntha anthu pakati pa magulu anu. Mu 2025 malire a msonkho wa tanova anakwera kuchoka pa K800,000 kufika pa K5,000,000 pachaka, ndipo sitolo yomwe yachoka pa msonkho wa pa phindu kupita pa tanova ntchito yake ya pachaka imachepa, choncho maola awiri aja a mwezi uliwonse ayenera kuonedwanso. Werengani bajeti mu Okutobala, bwerezani kuwerengera kwa ola limodzi ndi lendi ndi malipiro atsopano, ndipo lemberani makasitomala mu Novembala, malonda a Khirisimasi asanawatanganitse. Kalatayo inene mtengo wakale, mtengo watsopano, tsiku loyambira, ndi mapepala ndi antchito omwe sitoloyo yakhala nawo m'miyezi itatu yapitayi. Ngati lendi yakwera ndi K500 ndipo kalaliki ndi K700, zomwe ofesi imadya zafika K27,200, ndi 20 peresenti ndi K32,640, ndipo ola lafika pafupifupi K155. Gulu loyamba likhala K620, lachiwiri K1,550, lachitatu K4,030, yomwe mungaizungulize kukhala K4,000.